Mfumu yanu yatsekeredwa kutali ndi poni: mmene mungapulumutsire gemu ya ruku poteteza kuchokera kutsogolo

Funso ili limabwera kawirikawiri moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho kamodzi. Pabolodi la chesi patsala mafumu awiri, ruku mbali iliyonse, ndi poni imodzi ya mnzanu. Munaphunzira njira ya Philidor, amene anaifotokoza mu 1777, ndipo mukudziwa kuti mfumu yanu ikakhala kutsogolo kwa poni gemu imathera kulepherana. Koma lero mfumu yanu siili kutsogolo kwa poni. Ruku ya mnzanu yaima pakati ngati mpanda, ndipo mfumu singadutse. Kodi basi mwagonja?

Nthawi zambiri ayi. Ngati poni sinapitirire mzere wachinayi, pali njira yoteteza imene ruku yanu imakhala kutsogolo kwa poni, kumapeto kwa bolodi, osati kumbuyo kwake monga munazolowera. Ndifotokoza njira imeneyi pa chitsanzo chimodzi mpaka tichimvetse bwino.

Tiyambe tagwirizana mawu. Mizere yoimirira, ya zilembo a mpaka h, osewera amaitcha mafailo. Mizere yopingasa, ya manambala 1 mpaka 8, ndingoitcha mizere. Polemba mayendedwe, K ndi mfumu, R ndi ruku, x ndi kudya, ndipo + ndi cheki. Inu ndinu Wakuda. Ikani zida motere pa bolodi lenileni, chifukwa kungowerenga sikukwanira:

```
Woyera: Kd3, Re1, poni d4
Wakuda: Kf6, Rd8
```

Ruku ya pa e1 yatseka failo ya e, ndiye mfumu yanu singaponde e6, e7 kapena e5. Ayende Woyera kapena inu, apa ndi polepherana, bola mudziwe chochita.

1. Werengani kaye musanagwire chida

Werengani zinthu ziwiri. Choyamba, poni ili pa mzere wachingati kuchokera kumbali ya mwini wake. Chachiwiri, pali mafailo angati pakati pa poni ndi mfumu yanu. Pa chitsanzo chathu poni ili pa mzere wa 4, ndipo pakati pa d ndi f pali failo imodzi yokha, ya e. Phatikizani: 4 ndi 1 ndi 5. Kwa poni za pakati ndi za mafailo a c ndi f, chiwerengerochi chikakhala 5 kapena kutsika, kuteteza kuchokera kutsogolo kumagwira ntchito. Chikapitirira 5, kawirikawiri mwini poni amapambana. Katswiri wa ku France André Chéron ndi mmodzi mwa amene anafufuza kwambiri malo oterewa.

Ambiri amalakwa powerenga. Amawerengera ndi failo imene mfumu yaimapo, n'kupeza 6 pamene pali 5, n'kutaya mtima pa gemu yoti ikanapulumuka. Werengani mafailo a pakati okha. Komanso lamuloli likungokuuzani ngati muli ndi mwayi. Silikukuuzani kuti zida zanu zili pamalo oyenera, ndipo tiona posachedwa kuti kabokosi kamodzi kamasintha zonse.

2. Ikani ruku kutsogolo kwa poni, pa mzere womaliza

Ruku iyenera kukhala pa d8, osati d7 kapena d6. Pakati pa d4 ndi d8 pali timabokosi titatu, d5, d6 ndi d7, ndipo mtunda umenewu ndiwo moyo wa njira yonseyi. Kuti mfumu ya Woyera iteteze poni ya d4, singakwere kupitirira mzere wa 5. Kuti iopseze ruku yanu pa mzere wa 8, iyenera kufika pa mzere wa 7. Ikakhala pa mzere wa 6 siteteza poni ndipo siopseza ruku. Singathe kuchita ziwirizi nthawi imodzi.

Yesani kuika ruku pa d7 muone kusiyana kwake. Woyera apita Kc4, inu Rc7+, iye Kb5, inu Rd7, iye Kc5, inu Rc7+, kenako Kd6. Mfumu yagunda ruku yanu, yatsekanso failo ya d ndi thupi lake, ndipo poni iyenda pa ulendo wotsatira. Choncho mukasowa choyenda, musamasunthe ruku kuichotsa pa d8.

Nanga bwanji osaika ruku kumbuyo kwa poni? Chifukwa kumbuyo siletsa poni kuyenda. Mfumu ya Woyera imatsogola, imabisala kutsogolo kwa poni yake mukamaipatsa macheki, ndipo awiriwa amakwera limodzi mpaka kufika pa malo otchuka a Lucena, pamene Woyera amatchinga macheki ndi ruku yake n'kutulutsa kwini.

3. Dziwani nthawi yopereka cheki ndi nthawi yobwerera pa d8

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa dzanja likazolowera macheki silifuna kusiya. Woyera akufuna chinthu chimodzi: kukankha poni ifike pa d5 yotetezedwa. Onani mmene mumamuletsera:

```
1.Kc4 Rc8+ 2.Kb5 Rd8 3.Kc5 Rc8+
4.Kb6 Rd8 5.Kc5 Rc8+ 6.Kb4 Rd8
7.Kc4 Rc8+ 8.Kd3 Rd8
```

Mwaona kuti si ulendo uliwonse umene mukupereka cheki. Pa ulendo uliwonse yang'anani mfumu ya Woyera ndipo mudzifunse ngati ili pamalo pothandiza poni kufika pa d5. Ikakhala pa c4 kapena c5, ikugwira d4 ndi d5 pamodzi, ndiye ithamangitseni ndi Rc8+. Ikalowa pa failo ya d kutsogolo kwa poni, monga d5 kapena d6, cheki ndi Rd8+. Koma ikachoka pafupi ndi poni, monga b4, b5 kapena b6, musaitsatire. Bwererani pa d8 mukaopseze poni imene yasiyidwa yokha, ndipo mfumu idzakakamizika kubwerera.

Mukapitiriza macheki zimatha motere. Pambuyo pa 2.Kb5, mukasewera 2...Rb8+ Woyera ayankha 3.Kc6. Tsopano 3...Rd8 yachedwa, chifukwa 4.d5 yatetezedwa ndi mfumu. Ndipo 3...Rc8+ ikumana ndi 4.Kd7, ruku yanu yagundidwa, failo ya d yatsekedwa. Cheki imodzi yosafunika yaperekeza mfumu kumene imafuna kupita.

Palinso kulakwa kwina kobisika, pa ulendo wa 8. Mfumu ikabwerera pa d3, munthu amapuma, n'kuyenda ndi mfumu yake pamene ruku idakali pa c8. Pomwepo Woyera amakankha d5, kenako Kd4, ndipo poni yafika pa mzere wa 5 popanda kulipira kanthu. Mfumu ikabwerera m'mbuyo, ruku nayo ibwerere pa d8 nthawi yomweyo.

4. Sungani mfumu yanu pa f6 kapena f5, osati kwina

Ili ndi gawo limene ambiri ophunzitsa amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa kupulumuka ndi kugonja. Popeza mfumu yanu yatsekeredwa, zimaoneka ngati ilibe ntchito. Ili nayo ntchito yaikulu: kulondera ruku ya Woyera kuti isathandize poni.

Taganizani ngati Woyera. Mfumu yokha yalephera, chifukwa ikangotalikira poni ruku yanu imaopseza d4. Ndiye afuna kuti ruku yake iteteze poni, mfumu imasuke ikathamangitse ruku yanu. Ali ndi njira ziwiri. Tibwerere pamene mfumu yake yafika pa b6 ndipo inu mwasewera 4...Rd8.

Njira yoyamba ndi 5.Rd1, kuteteza poni kuchokera kumbuyo. Imeneyi siyoopsa, chifukwa ruku yachoka pa failo ya e, chitseko chatseguka. Lowani msanga:

```
5.Rd1 Ke6 6.Kc7 Rd7+ 7.Kc6 Rd6+
8.Kc5 Rd5+ 9.Kc4 Kd6
```

Mfumu yanu yafika kutsogolo kwa poni, ndipo zotsalazo ndi zimene mukudziwa kale.

Njira yachiwiri ndi yochenjera: 5.Re4. Ruku ikuteteza d4 kuchokera m'mbali, koma idakali pa failo ya e, ndiye mpanda sunachoke. Woyera akuopseza Kc7, ndipo tsopano simungayankhe ndi kudya poni. Muli ndi ulendo umodzi wokha wochitapo kanthu, ndipo yankho ndi 5...Kf5, kugunda ruku. Ruku ilibe poima pabwino. Ikabwerera pansi pa failo ya e, mumadya d4. Ikapita 6.Rh4, yatetezabe poni koma yasiya failo, ndipo mumalowa 6...Ke6. Kuchokera pamenepo samalani ndi cheki ya Rh6+, musaike ruku yanu pamene ikudalira mfumu yokha kuti iitetezere. Ikasewera 6.Re5+, mubwerera 6...Kf6, ndipo ngakhale rukuyo yatetezedwa ndi poni, iyo siikuteteza poniyo. Mukuopsezanso Rxd4, ndipo Woyera sanapindule kanthu.

Tsopano sunthani mfumu yanu kabokosi kamodzi kokha, kuchoka pa f6 kupita pa f7, zina zonse zikhale monga poyamba, ndipo Woyera ayende:

```
1.Kc4 Rc8+ 2.Kb5 Rd8 3.Kc5 Rc8+
4.Kb6 Rd8 5.Re4 Kf6 6.Kc7 Rd5
7.Kc6 Rd8 8.d5
```

Mayendedwe anayi oyamba anali okakamiza, simunapeze mpata wokonza mfumu. Pa 5.Re4 mukusowa ulendo umodzi, chifukwa kuchokera pa f7 simungagunde ruku nthawi yomweyo. Ena amayesa 6...Kf5 poganiza kuti Woyera akadya ruku pa d8, iwonso adya pa e4 kenako poni. Maganizo abwino, koma Woyera amayamba wapereka 7.Re5+, ruku yake yatetezedwa ndi poni, kenako amadya ruku yanu mwaulere. Gemu yomweyo, chiwerengero chomwecho cha 5, koma mwagonja.

N'chifukwa chake ndimakakamira pa mfundoyi. Wosewera wodziwa sathamanga. Amayenda ulendo wodikira ngati 1.Re2 kuti aone ngati mukudziwa pomwe mfumu iyenera kukhala. Mwachibadwa munthu amabwezera mfumu m'mbuyo, kufupi ndi kwawo, ndipo Kf7 imaoneka yotetezeka. Musatero. Mukakhala pa f6 pitani f5, mukakhala pa f5 bwererani f6, ndipo pitirizani choncho osatopa. Pa f5 ruku singaime pa e4 popanda mfumu yoiteteza. Pa f6 mumaigunda ulendo wotsatira.

Woyera angayesenso 1.Re4 mfumu yake idakali pa d3. Yankho ndi lomwelo, 1...Kf5. Simungadye ruku chifukwa mfumu ikuiteteza, koma mfumuyo yamangika: ikangopita c4, ruku yapita.

Musapitirirenso kutsogolo. Mfumu yanu ikatsika pa f4, Woyera amasintha mpanda n'kuuika mopingasa ndi Re6, ndipo mukabwerera Kf5 iye amapita Rc6. Tsopano mzere wa 6 watsekedwa, simungabwerere kwanu, komanso cheki yanu ya pa c8 yatha chifukwa ruku yake yaima pa failo ya c.

5. Musasinthane maruku musanawerenge zotsala

Mfumu yanu ikakhala pa f7 ndipo ruku pa mzere wa 8, pamakhala njira yogumula mpanda: kusewera Re8, kupereka ruku kuti musinthane. Woyera akakana n'kuchotsa ruku, mfumu yanu idutsa. Akavomera, mwatsala mfumu ndi poni kulimbana ndi mfumu, ndipo pamenepo palibenso kubwerera m'mbuyo. Zonse zimadalira pamene mfumu yake ili.

Kwa poni ya d4, Woyera amapambana mfumu yake ikangofika pa c6, d6 kapena e6. Ngati mfumu yake idakali pa d3, inu muli pa f7 ndipo ndi nthawi yanu, Re8 imagwira ntchito. Pambuyo pa Rxe8 Kxe8 iye abwera Ke4 kapena Kc4, ndipo inu muyenera kupita Kd8, osati e7 kapena d7. Muli pa d8 mumadikira kuti akwere pa mzere wa 5, ndiyeno mumaima moyang'anizana naye: akafika e5 inu e7, akafika d5 inu d7, akafika c5 inu c7. Mukathamangira e7 iye ali pa e4, amasewera Ke5, ndipo amene ayenera kupatuka ndinu.

Koma mfumu yake ikakhala itafika kale pa c4, kusinthana komweko kukugonjetsani. Pambuyo pa Re8 Rxe8 Kxe8 amasewera Kc5, ndipo kuchokera pa e8 simungafike pa c7. Mukapita d7 ayankha Kd5, mukapita d8 kapena e7 alowa c6. Chimodzimodzi ngati atchinga cheki yanu ya pa c8 ndi Rc5 mfumu yake ili pa c4. Musadye. Chotsani ruku yanu, ndipo zindikirani kuti ruku yake yachoka pa failo ya e, ndiye njira ya mfumu yanu yatseguka.

6. Zindikirani pamene njirayi yatha mphamvu

Poni ikafika pa d5 yotetezedwa, pakati pa iyo ndi d8 patsala timabokosi tiwiri tokha. Ikani Woyera Kd4, Re1, poni d5, inu Kf7 ndi Rd8. Woyera akayamba, amapambana mosavuta:

```
1.Kc5 Rc8+ 2.Kb6 Rd8 3.Kc6 Rc8+ 4.Kd7
```

Koma ngati ndinu woyamba kuyenda, musataye ulendo podikira. Sewerani 1...Re8 pomwepo. Pambuyo pa 2.Rxe8 Kxe8, akabwera 3.Ke5 mumayankha Ke7, akabwera 3.Kc5 mumayankha Kd7, ndipo salowa pa c6, d6 kapena e6. Onani kusintha kwake: poni ili pa d4, f7 anali malo oipa odikirirapo, koma ikafika pa d5 macheki atha ntchito ndipo chiyembekezo chanu chili pa kusinthanaku, komwe kumafuna mfumu pa f7.

Malire ena ndi mafailo awiri. Bwezerani poni pa d4 ndi mfumu pa d3, koma ruku ya Woyera ikhale pa f1 ndipo mfumu yanu pa g6. Chiwerengero ndi 6. Woyera amakwera mpaka b6 monga kale, ndiyeno amasewera 5.Rd1 ija imene sinali yoopsa. Tsopano ndi yoopsa, chifukwa mfumu yanu ikufunika maulendo awiri kuti ifike pa failo ya e. Pambuyo pa 5...Kf7 6.Kc7, mukateteza ruku ndi 6...Ke7 mulandira 7.Re1+ ndipo ruku yapita. Mukathawira 6...Rd5, abwera 7.Kc6 ndipo poni iyenda. Phunziro lake likugwira ntchito gemu isanafike pamenepa: pamene mukusinthana poni zomaliza, ulendo umodzi wokokera mfumu pafupi ndi failo imodzi ungakhale wofunika kuposa cheki iliyonse.

Poni za mafailo a b ndi g zimakupatsani mpata wokulirapo. Mfumu ya Woyera imafuna malo ozembera macheki, ndipo kumbali ya m'mphepete ili ndi failo imodzi yokha. Ndiye poni ili pa b4, mfumu yake pa b3, ruku yake pa d1, inu muli Ke6 ndi Rb8, mumalepherana ngakhale mwatsekeredwa ndi mafailo awiri. Lamulo la mfumu ndi lomwelo: e6 ndi e5, kuti Rd4 ikabwera muiyankhe ndi Ke5. Mukakhala pa e7 ndipo Woyera ndiye akuyenda, Rd4 imapambana.

7. Malizani gemu motsatira malamulo

Woyera sadzavomera msanga kulepherana, ndipo ali ndi ufulu woyesa. Adzazungulira mbali ya c, adzabwerera, adzadikira ndi ruku, n'kuyesanso Re4 pa nthawi imene akuona kuti mwatopa. Pitirizani kulemba mayendedwe anu bwinobwino. Malo amodzimodzi akabwera katatu, woyenda ali yemweyo, mutha kuitana woyang'anira mpikisano n'kupempha kulepherana. Mutha kuteronso pakadutsa mayendedwe 50 mbali iliyonse popanda poni kuyenda kapena chida kudyedwa, ndipo popeza ntchito yanu yonse ndi kuletsa poni kuchoka pa d4, chiwerengerochi chimayambira pa kudya komaliza kapena pamene poni inayenda komaliza.

Pokonzekera, pezani mnzanu, ikani malo oyamba aja, ndipo mumuuze kuti asamangotsatira mzere waukulu koma azisakaniza Re2, Re4, Re5+ ndi Rd1 pa nthawi zosiyanasiyana. Mukatha sinthanani mbali, inu mutenge Woyera mfumu ya Wakuda ili pa f7, ndipo mupeze nokha nthawi yoyenera kusewera Re4. Kenako tembenuzani zonse, poni ikhale pa e4, ruku yotsekera pa d1, mfumu yoteteza pa c6 ndi ruku yake pa e8, chifukwa pa mpikisano malowa sadzabwera pa mafailo amene munaloweza.